Anayankha STOP koma mameseji akubwerabe: mmene mungapezere pamene yankho la kasitomala likufera

Kasitomala akavomera kuti azilandira nkhani za sitolo yanu pa foni, makina amamutumizira meseji yomulandira nthawi yomweyo. Kumapeto kwa meseji imeneyo kumakhala mzere womuuza kuti akatopa nazo ayankhe STOP. Pakapita mwezi, kasitomala yemweyo amabwera atakwiya, foni ili m'manja, n'kukuonetsani STOP amene anatumiza katatu, pansi pake pali meseji yanu ya dzulo yotsatsa katundu. Inu mumatsegula kompyuta n'kupeza kuti pa mndandanda dzina lake lili bwinobwino, palibe chosonyeza kuti anapemphapo kuchoka. Nonse awiri mukunena zoona. Iye anatumizadi, ndipo inu simunalandiredi, kapena munalandira koma pempholo linatayika mkati mwa makina anu omwe.

Eni masitolo ambiri akaona zimenezi amathamangira kusintha mawu a meseji yolandirira, kapena amangomufufuta munthuyo pamanja n'kuiwala nkhaniyo mpaka wina adzadandaule. Chofunika ndi kutsatira yankho la STOP lija kuyambira pa foni ya kasitomala mpaka pa mndandanda wanu, n'kuona pamene lathera ulendo. Malo amene limafera ndi ochepa, ndipo aliwonse amasiya chizindikiro chake.

Musanayambe, pezani foni imene nambala yake sinalowepo pa mndandanda wanu. Ilembetseni monga momwe kasitomala amachitira, kaya pa fomu ya pa intaneti kapena pa kauntala, ndipo dikirani meseji yolandirira. Musayesere pa nambala yanu yakale imene mwakhala mukuyeserapo zinthu, chifukwa nthawi zambiri imakhala italembedwa kale m'njira zingapo ndipo idzakusokonezani.

Kodi meseji yanu ndi yotheka kuiyankha?

Yang'anani pamwamba pa meseji yolandirira ija, pamene pamaoneka amene watumiza. Ngati pakuoneka dzina la sitolo m'malo mwa nambala, mwina vuto mwalipeza kale. Dzina loterolo, limene m'mapulogalamu otumizira mameseji limalembedwa pa malo a Sender ID, limatha kukhala ndi zilembo zosapitirira 11, ndipo ndi lotumizira basi. Kuseri kwake kulibe nambala imene ingalandire yankho. Zili ngati kalata imene pa envulopu palembedwa dzina la wotumiza popanda keyala: mukhoza kuiwerenga, koma yankho lanu lilibe kolowera.

Mafoni amachita mosiyanasiyana akakumana ndi dzina lotere. Ena amabisiratu malo olembera yankho n'kunena kuti wotumizayu sangayankhidwe. Ena amamulola munthu kulemba, kenako meseji imalephera kupita, n'kuoneka kachizindikiro kakang'ono kofiira kamene anthu ambiri sakaona. Kasitomala amaona STOP wake ali pa sikirini, mtima n'kukhala pansi kuti zatha.

Vutoli limabwerezabwereza chifukwa mawu a meseji yolandirira nthawi zambiri amakoperedwa pa zitsanzo zimene zinalembedwera masitolo otumiza kudzera pa nambala. Amene anakonza dzina la wotumiza ndi amene analemba mawuwo kawirikawiri amakhala anthu awiri osiyana, ndipo aliyense ntchito yake anaigwira bwino payekha.

Kutsimikiza kwake n'kosavuta. Yankhani STOP pa foni yoyesera ija, kenako tsegulani pa kaundula wa mameseji olowa m'pulogalamu yanu yotumizira. Ngati patapita mphindi zingapo palibe cholowa chilichonse, ndipo mukabwerera m'mbuyo miyezi yonse kaundulayo ndi wopanda kanthu, dziwani kuti palibe kasitomala ngakhale mmodzi amene anakwanitsapo kukuyankhani. Mndandanda wa anthu mazanamazana umene sunalandirepo STOP ngakhale mmodzi si umboni woti makasitomala akukukondani. Ndi umboni woti khomo lotulukira ndi lokhoma.

Njira zokonzera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupempha kampani imene imakutumizirani mameseji kuti ikupatseni nambala yotha kulandira mayankho, kaya yaitali ngati ya foni wamba kapena yaifupi ya manambala ochepa, n'kuyamba kutumizira pa imeneyo. Yachiwiri ndi kusunga dzina la sitolo pamwamba, popeza limathandiza kuti anthu akudziweni msanga, koma n'kuchotsa mawu oti "yankhani". M'malo mwake meseji inene nambala yeniyeni imene munthu atumizeko STOP, kapena ikhale ndi linki yodzichotsera. Ine ndimakonda nambala kuposa linki. Linki imafuna foni ya intaneti ndi bandulo, ndipo munthu amene mameseji anu amutopetsa sangagule bandulo chifukwa cha inu. Komanso anthu achenjezedwa kambirimbiri kuti asamadine malinki obwera pa meseji, ndipo akuchita bwino kukana.

Yankho lafika, koma makina sanalimve

Tsopano tinene kuti kaundula wa mameseji olowa ali ndi zinthu. Werengani zimene anthu analembadi, chimodzichimodzi. Mupezamo STOP weniweni, komanso mupezamo zinthu ngati izi:

```
STOP chonde
Stop.
Siyani
Sindikufunanso mameseji anu
STPO
```

Kwa munthu, zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Kwa makina, mwina palibe n'chimodzi chomwe chimene chikumveka. Mapulogalamu ambiri amayerekeza meseji yonse ndi mndandanda waufupi wa mawu, ndipo amachitapo kanthu pokhapokha zikafanana. Twilio, kampani ina yotumizira mameseji, mwachitsanzo, pachiyambi amazindikira mawu monga STOP, STOPALL, UNSUBSCRIBE, CANCEL, END ndi QUIT, kaya alembedwa m'zilembo zazikulu kapena zazing'ono, koma liwulo liyenera kukhala lokha mu meseji. Ndiye kuti ulemu wa kasitomala, kuwonjezera "chonde" kapena kuyamba ndi moni, ndi umene umachititsa kuti pempho lake lisamveke. Amene wayankha mwachidule ndi mwaukali amamasuka, amene wayankha mwaulemu amatsalabe pa mndandanda.

Apa pali ntchito zitatu, ndipo yoyamba ili m'mawu a meseji yolandirira momwemo. Muuzeni munthu momveka kuti atumize liwu limodzi lokha, ndipo STOP akhale kumapeto kwenikweni popanda kadontho, chifukwa ena amakopera liwulo limodzi ndi kadontho kake. Yachiwiri ndi kuwonjezera mawu pa mndandanda wa makina. Mapulogalamu ambiri amalola kuti muikemo mawu anu, ndiye ikanimo amene makasitomala anu amalembadi, monga SIYANI ndi LEKANI, osati amene inu mukuganiza kuti angalembe. Kaundula uja ndiye akuuzeni. Ngati muli ndi munthu wokulemberani pulogalamu, mupempheni kuti meseji ikalowa iyambe yachotsedwa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto ndiponso timadontho, zilembo zonse zisandutsidwe zazikulu, kenako makina afufuze ngati liwu loletsa likupezeka paliponse mkati mwake.

Wina angafunse kuti nanga kasitomala akalemba kuti "musandichotse, STOP uja ndinatumiza molakwitsa"? Zoona, makina ofufuza motero amuchotsa. Koma kuchotsa molakwika munthu amene amafuna kukhalabe ndi vuto laling'ono, chifukwa adzalembetsanso kapena adzatumiza START, liwu lobwererera pa mndandanda. Kupitiriza kuvutitsa munthu amene anakana ndi kumene kumabweretsa madandaulo kwa kampani ya foni, ndipo madandaulo akachuluka nambala yanu ikhoza kutsekedwa.

Ntchito yachitatu makina sangaigwire. Pakhale munthu amene tsiku lililonse la ntchito amawerenga mameseji onse olowa amene sanafanane ndi liwu lililonse, n'kuchotsa pamanja amene akuonekeratu kuti akukana. Malamulo a m'mayiko ambiri sayang'ana ngati munthu analemba liwu lolondola. Lamulo la mayiko a ku Ulaya loteteza chinsinsi cha anthu, GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limanena mu ndime 7 kuti kubweza chilolezo kuyenera kukhala kosavuta mofanana ndi kuchipereka. Ngati polembetsa munthu anangotchula nambala yake pa kauntala, pochoka musamupatse mayeso a kalembedwe.

Munthu mmodzi, mizere itatu

Vuto lovuta kwambiri kulipeza ndi ili, chifukwa chilichonse chimaoneka kuti chikuyenda. STOP wafika, makina amumva, kasitomala walandira meseji yotsimikiza kuti wachotsedwa, koma sabata yotsatira meseji yotsatsa yamufikanso.

Titenge chitsanzo cha sitolo imene imalembetsa anthu m'njira ziwiri: pa fomu ya pa intaneti, ndi pa kauntala pamene wogulitsa amalemba nambala m'makina olandirira ndalama. Mayi wina analembetsa pa kauntala mu Januwale, ndipo wogulitsa analemba nambala yake kuyambira ndi 0, monga momwe aliyense amatchulira. Mu Malichi mayiyu anagula pa intaneti n'kuchonga kabokosi kovomera, ndipo fomuyo inasunga nambala yake ndi khodi ya dziko. Nambala ili m'munsiyi, imene yalembedwa m'njira zitatu, ndi yongoyerekezera, ya khodi 44, koma zimachitika chimodzimodzi ndi khodi ya dziko lililonse:

```
07700 900123
447700900123
+447700900123
```

Foni ndi imodzi. Potumiza, pulogalamu imakonza iliyonse ya nambalazi kuti ipite, ndiye meseji imafika. Koma yankho likamabwera, limabwera ndi nambala yolembedwa m'njira imodzi yokha, kawirikawiri ya chizindikiro cha kuphatikiza ndi khodi ya dziko, imene imatchedwa E.164. Makina amafufuza mzere wofanana ndendende ndi umenewo, amaupeza wa mu Malichi, n'kuulemba kuti wasiya. Mzere wa mu Januwale, woyambira ndi 0 uja, umatsala wamoyo ndipo umapitiriza kulandira chilichonse.

Chizindikiro chake chimakhalapo kale kasitomala asanatumize STOP, kungoti anthu sachilabadira. Mufunseni mayiyu ngati meseji yolandirira anailandira kangati. Akati kawiri, mu Januwale ndi mu Malichi, ndiye kuti makina anamuona ngati anthu awiri. Mufunsenso ngati mameseji otsatsa ankamufika awiriawiri, ndipo atatumiza STOP anayamba kumufika amodziamodzi. Akavomera, musafufuzenso kwina.

Pofufuza pa mndandanda, musalembe nambala yonse. Lembani manambala 6 akumapeto okha, ndipo mizere yonse ya foni imeneyo ituluka pamodzi. Pokonza, sandutsani nambala zonse za pa mndandanda kukhala za E.164: chotsani mipata ndi timizere, chotsani 0 woyambirira ngati m'dziko limenelo ndi wa kuimba kwa m'dziko momwemo, n'kuika khodi ya dziko patsogolo. Mukatero mupeza mizere yobwerezabwereza. Poiphatikiza tsatirani lamulo limodzi: ngati mzere umodzi mwa iyo unakana, munthuyo wakana, ngakhale mizere inayo ikuonetsa kuti anavomera. Mungamubwezeretse pokhapokha pali umboni woti anavomeranso pa tsiku la pambuyo pa kukana kwake.

Chenjerani ndi mapulogalamu a matebulo monga Excel pogwira ntchitoyi. Mukatsegula mwachisawawa fayilo ya CSV, mtundu wa fayilo wosamutsira mndandanda kuchoka m'pulogalamu ina kupita mu ina, pulogalamuyo imaona nambala ya foni ngati chiwerengero, ndiye imadya 0 woyambirira ndi chizindikiro cha kuphatikiza, ndipo nambala yaitali ya manambala 12 imaionetsa motere: `4.47701E+11`. Mukaisunga choncho, manambala akumapeto atayika. Ikani ndandanda ya manambala kuti ikhale ya Text polowetsa fayiloyo, musanakhudze chilichonse, ndipo sungani kope ya fayilo yoyambirira pambali.

Amene anachoka akulandiranso moni

Pali mtundu wina wa dandaulo lomweli umene umadziwika msanga: kasitomala anatumiza STOP, panapita masabata ali phee, kenako tsiku lina analandira meseji yomulandira ngati mlendo. Apa STOP anagwira ntchito bwinobwino. Chimene chinalakwika ndi mmene munamuchotsera.

Ngati kuchotsa munthu kwa inu kumatanthauza kufufuta mzere wake wonse, makina amaiwala kuti anakhalapo, ndipo amaiwalanso kuti anakana. Kumapeto kwa mwezi wina m'sitolo amatulutsa manambala onse a m'makina olandirira ndalama n'kuwalowetsa m'pulogalamu yotumizira kuti atsopano alowe. Nambala ya munthu uja ikadali m'makina a pa kauntala, chifukwa kumeneko palibe anaifufuta. Pulogalamu imaiona ngati yachilendo, imaipatsa mzere watsopano, n'kuitumizira meseji yolandirira. Yerekezani tsiku limene kasitomala analandira moni wachiwiriyo ndi tsiku limene fayilo inalowetsedwa. Akafanana, mlandu watha.

Choncho munthu wokana asamafufutidwe ayi. Nambala yake ikhale pa mndandanda wapadera wa okana, pamodzi ndi tsiku limene anakana, ndipo mndandanda umenewu usamakhudzidwe ndi kulowetsa fayilo kulikonse. Polowetsa, mapulogalamu ena amafunsa ngati mukufuna kuti zatsopano zilowe m'malo mwa zakale, kapena amakupatsani kabokosi konena kuti onse a m'fayiloyi anavomera. Kabokosi kameneko kawononga mindandanda yambiri. Musakachonge pa fayilo yochokera ku kauntala, chifukwa kugula m'sitolo si kuvomera mameseji. Ndipo tsiku limene mudzasamukire ku kampani ina yotumizira, mndandanda wa okana ndi umene uyenera kuyamba kusamuka, wa ovomera ubwere pambuyo. Kampani yatsopano sidziwa kalikonse za STOP amene anapita ku nambala yakale.

Kanthu kena kakang'ono kofanana ndi izi: mameseji amene munawakonzeratu Lolemba kuti adzapite Lachisanu. Ngati pulogalamu yanu imasankha olandira pa nthawi yokonza, amene wakana Lachitatu adzalandirabe. Funsani kampani yanu ngati mndandanda wa okana umayang'anidwa pa nthawi yeniyeni yotumiza. Ku Twilio, mukayesa kutumizira munthu amene anakana, meseji imabwezedwa ndi khodi `21610`. Mukaona khodi imeneyo m'kaundula, musadandaule kuti meseji yalephera. Dandaulani kuti mndandanda wanu sunadziwe zimene kampaniyo ikudziwa, ndipo pitani mukalembe munthuyo pa okana.

Mawu a meseji yolandirira ndi kutalika kwake

Njira yonse ikakonzeka, bwererani pa meseji yeniyeniyo. Iyenera kunena zinthu zitatu: ndinu ndani, munthu azilandira chiyani ndiponso kangati, ndi mmene angasiyire. Zotsatsa zidikire meseji ina.

```
SITOLO: Takulandirani! Muzilandira nkhani za katundu watsopano kawiri pa mwezi. Kuti musiye, yankhani ndi liwu limodzi ili: STOP
```

Meseji imeneyi ili ndi zilembo 128, kuwerengera mipata yomwe, ndipo imapita ngati meseji imodzi, chifukwa meseji imodzi imanyamula zilembo 160 bola zonse zikhale za m'gulu lotchedwa GSM-7. Mukapitirira 160, imagawidwa m'zidutswa za zilembo 153 chilichonse. Koma taonani chimene chimachitika mukalemba "kaŵiri" ndi w wa kadenga. Chilembo chimenecho mulibe mu GSM-7, ndiye meseji yonse imasinthira ku gulu lina lotchedwa UCS-2, kumene meseji imodzi imanyamula zilembo 70 zokha, ndipo ikagawidwa chidutswa chilichonse chimanyamula 67. Zilembo zomwezo 128 tsopano zakhala zidutswa ziwiri, choyamba chikuthera pakati pa liwu loti "kaŵiri", ndipo mzere wonse wa STOP uli m'chidutswa chachiwiri. Mumalipira kawiri pa munthu aliyense. Foni imalumikiza zidutswazo zikafika zonse, koma chachiwiri chikachedwa kapena kutayika, chimene chasowa ndi ndendende njira yotulukira ija.

Kankhope komwetulira kamachita chimodzimodzi. Choipa kwambiri ndi kachizindikiro ka mu mawu ngati "n'kosavuta": kowongoka kali mu GSM-7, koma kopindika kamene Word amaika yekha mulibe, ndipo ndi maso n'kovuta kusiyanitsa. Ngati munalembera meseji yanu mu Word n'kuikopera, yang'anani kowerengera zilembo m'pulogalamu yotumizira. Kakaonetsa malire a 70 m'malo mwa 160, fufutani timazindikiro tonse toteroto n'kutilembanso pamanja momwemo.

Munthu akatumiza STOP, mutumizireni meseji imodzi yokha yotsimikiza, yaifupi, yonena kuti sadzalandiranso zotsatsa ndiponso kuti akafuna kubwerera atumize START. Musaikemo zomunyengerera kapena zomufunsa chifukwa chake wachoka. Meseji imeneyi imakuthandizaninso inuyo: kasitomala wodandaula akabwera, funso loyamba ndi lakuti anailandira kapena ayi. Ngati sanailandire, vuto lili pa wotumiza kapena pa mawu amene analemba. Ngati anailandira, vuto lili m'mizere ya mndandanda wanu.

Mukamaliza kukonza, bwerezani mayeso onse pa foni yoyesera ija, ndipo musalekeze pa meseji yotsimikiza. Lowetsani fayilo ya CSV imene muli nambala yomweyo yolembedwa kuyambira ndi 0, kenako tumizani meseji yotsatsa ku kagulu koyesera kamene nambalayo ikanakhalamo. Foniyo iyenera kukhala chete pa zonse ziwiri, osalandira moni watsopano kapena chotsatsa. Ngati makasitomala anu ali pa makampani a foni osiyanasiyana, yesani ndi nambala ya kampani iliyonse, chifukwa nambala yaifupi imatha kulandira mayankho kuchokera ku netiweki imodzi koma osati inzake. Chitaninso mayeso omwewa nthawi iliyonse mukasintha dzina la wotumiza, fomu yolembetsera, kapena munthu amene amalowetsa mafayilo.